Sitiresi ndi sitireni: yankho lili pa waya wa mu labu

"Ndili chaka choyamba cha uinjiniya kuno ku Thyolo. Pa mayeso a pakati pa semesita ndinalephera funso la waya wachitsulo chifukwa ndinasokoneza sitiresi ndi sitireni, ngakhale kuti matanthauzo ake ndinawaloweza. Pa mayeso a fomu 4 ndinakhoza ndi mapointi 10, ndipo bambo anga anauza kale mudzi wonse kuti pakhomo pali injiniya. Ndikuopa kuwauza. Kodi ndisinthe kosi?"

Usasinthe kosi, mwana wanga, chifukwa funso limodzi la waya si chifukwa chokwanira chothawira uinjiniya. Makalata ngati akowa ndimawalandira chaka ndi chaka mayeso oyamba akangotuluka, ndipo amene amawalemba nthawi zambiri ndi ana amene anakhoza bwino kwambiri ku sekondale. Ndikuuze mosabisa kuti mapointi ako anagwira kale ntchito yake pa tsiku limene unasankhidwa, ndipo sadzakulembera mayeso a ku yunivesite. Ku sekondale ukanatha kukhoza poloweza chiganizo n'kukachilavula pa pepala, koma kuno mphunzitsi amasintha kutalika kapena kunenepa kwa waya n'kukufunsa kuti chasintha n'chiyani, ndipo woloweza amagwa pomwepo. Choncho tseka kope la matanthauzo, titenge waya weniweni.

Tiyerekeze kuti tapachika ku denga la labu waya wachitsulo wotalika mamita 2, ndipo titamuyeza ndi maikulomita tapeza kuti dayamita yake ndi mamilimita 0.5. Kumunsi kwake takolekako chitsulo cholemera makilogalamu 2. Dziko limakoka kilogalamu iliyonse ndi mphamvu ya manyutoni 9.8, ndiye kuti wayayu akukokedwa ndi manyutoni 19.6. Mphamvu imeneyi sili kumunsi kokha kumene kuli katundu. Utadula wayayu m'maganizo pamalo alionse, pafupi ndi denga kapena pakati, upeza kuti chigawo cha pamwamba chikugwira chigawo cha pansi ndi manyutoni 19.6 omwewo, apo ayi katunduyo akanagwa.

Funso la sitiresi ndi lakuti, kodi mphamvu imeneyi ikugawidwa pa malo aakulu bwanji? Malo amene tikunena ndi kankhope kozungulira kamene ungakaone utadula wayayo mopingasa. Theka la dayamita ndi mamilimita 0.25, ndipo tikawerengera πr² tipeza kuti kankhopeko ndi 0.196 mm². Tikagawa mphamvu ndi malowo, σ = F/A, tipeza 19.6 ÷ 0.196, zimene zikutipatsa 100 N/mm². Imeneyo ndiye sitiresi, ndipo m'mabuku udzaiona italembedwa kuti 100 MPa, chifukwa nyutoni imodzi pa sikweya milimita imodzi n'chimodzimodzi ndi megapasikalo imodzi. Taona kuti mpaka pano sitinafunse n'komwe kuti wayayu ndi wotalika bwanji, watanuka motani, kapena kuti ndi wachitsulo chanji. Sitiresi imangofuna zinthu ziwiri: mphamvu yokoka ndi kukula kwa malo amene akuisenza. Zili ngati chipika chimene akuchinyamula anthu anayi m'malo mwa munthu mmodzi: kulemera kwa chipikacho sikunasinthe, koma chimene chikugwera phewa lililonse chachepa.

Sitireni imafunsa zina. Iyo imayang'ana zimene zachitikira wayayo chifukwa cha kukokedwako. Tikawerenga pa sikelo ya veniya tiona kuti waya wathu watalika ndi milimita imodzi. Koma kungonena kuti watalika ndi milimita imodzi sikukwanira, pakuti milimita imodzi pa waya wa mamita 2 ndi kanthu kochepa, pomwe milimita yomweyo pa kachidutswa ka masentimita 2 ndi kutanuka kwakukulu kumene chitsulo sichingabwererenso. N'chifukwa chake timagawa kutalika kowonjezerekako ndi kutalika koyamba, ε = ΔL/L, ndipo apa ndi 1 ÷ 2000, popeza mamita 2 ndi mamilimita 2000. Yankho ndi 0.0005. Lilibe muyeso ulionse kumapeto kwake, chifukwa tagawa mamilimita ndi mamilimita anzake. Tanthauzo lake ndi lakuti mita iliyonse ya wayayu yatalika ndi theka la milimita. Ukadzalemba sitireni n'kuikapo N kapena mm kumapeto, wochonga adzadziwa asanawerenge n'komwe manambala kuti sunamvetse.

Tsopano tiyeni tichite chimene mphunzitsi wako anachita pa mayeso, kusintha chinthu chimodzi n'kuona zotsatira zake. Titenge waya yemweyo koma wotalika mamita 4, katundu akhale yemweyo. Sitiresi idakali 100 N/mm², chifukwa mphamvu ndi kankhope kaja sizinasinthe. Wayayu atalika ndi mamilimita 2, kuwirikiza kawiri, koma sitireni ndi 2 ÷ 4000, yomwe ndi 0.0005 yomwe ija. Apa m'pamene ambiri amagwera, pakuti amaganiza kuti kutalika kowonjezereka ndi sitireni ndi chinthu chimodzi. Tikabwerera ku mamita 2 n'kuika waya wonenepa kawiri, wa dayamita ya milimita imodzi, kankhope kaja kakula kanayi kufika pa 0.785 mm², sitiresi itsika kufika pa 25 N/mm², ndipo wayayo angotalika ndi mamilimita 0.25.

Koma kusiyana kwenikweni kumaonekera tikasintha mtundu wa waya. Chotsa wachitsulo, upachike wa kopa wolimba wofanana naye kutalika ndi kunenepa, ukoleke makilogalamu 2 omwe aja. Sitiresi ndi 100 N/mm² ndendende, chifukwa kuwerengera kwake sikufunsa mtundu wa waya. Koma kopa atalika ndi mamilimita pafupifupi 1.7, ndiye kuti sitireni yake ndi pafupifupi 0.0008. Sitiresi ndi imodzi, masitireni ndi awiri osiyana. Zikanakhala chinthu chimodzi chokhala ndi mayina awiri, izi sizikanatheka. Chimene chimalumikiza ziwirizi ndi kuuma kwa chinthucho, kumene timakutcha modyulasi ya Young, E = σ/ε. Pa waya wathu wachitsulo ndi 100 ÷ 0.0005, zimene ndi 200,000 N/mm² kapena 200 GPa, ndipo imeneyi ndiye nambala yodziwika ya chitsulo. Ya kopa ndi pafupifupi 120 GPa, n'chifukwa chake iye amagonja msanga akakokedwa.

Nambala zimenezi zikhale mlonda wako, chifukwa zolakwa zambiri zimadziulula zokha kwa amene amayang'anitsitsa yankho lake. Ngati modyulasi ya chitsulo yatuluka 50 GPa m'malo mwa 200, ndiye kuti waika dayamita pamene pamafunika theka lake, malo aja akula kanayi. Ngati yatuluka pafupifupi 20 GPa, waiwala kusandutsa makilogalamu kukhala manyutoni. Ndipo ngati sitireni yatuluka 0.5, wagawa milimita imodzi ndi mamita 2 osafananitsa miyeso, ndipo ukutiuza kuti waya wa mamita 2 wafika mamita 3 chifukwa cha katundu wolemera ngati mapaketi awiri a shuga. Ndimaona mayankho otere atatsekedwa mzere kunsi kwake monyadira, ndipo chimene chimandikwiyitsa si kulakwitsako ayi, koma kuti mwana sanaime n'komwe kudzifunsa ngati zimene walembazo zingachitike padziko lapansi.

Njira imene ine ndimaikhulupirira ndi yakuti upite ku labu ukachite zimenezi ndi manja ako. Ophunzira ambiri amaiona labu ngati malo okasainako dzina n'kukopera lipoti la mnzawo usiku, kenako n'kumadabwa kuti fizikisi ikuwakana. Pempha amene amayang'anira labu akulole kubwereza ntchitoyi, ngakhale pa nthawi yako yopuma. Udzaona kuti pamapachikidwa mawaya awiri, wina wosenza katundu amene tikumusintha ndi wina wongoyerekezera, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Chitsulo chimatalika chikatenthedwa, moti ngati labu yatentha ndi madigiri 5 kuchokera m'mawa wa chiperoni kufika masana, waya wa mamita 2 atalika yekha ndi mamilimita pafupifupi 0.12. Pa muyeso wa milimita imodzi, chimenecho ndi cholakwa choposa gawo limodzi mwa magawo 10. Waya wachiwiri uja amatenthedwa mofanana ndi mnzakeyo, ndipo denga likatsikako pang'ono amatsikira limodzi, choncho veniya imangoonetsa kutalika kobwera ndi katundu.

Udzaonanso kuti usanayambe kuwerenga umakoleka kaye kakatundu kochepa kuti wayayo awongoke, apo ayi kuwongoka kwa mapindikidwe ake udzakuwerenga ngati kutanuka. Dayamita uyeze pamalo angapo ndiponso mozungulira, chifukwa pa waya wa mamilimita 0.5 kuphonya ndi 0.01 kokha kumasokoneza malo aja ndi pafupifupi 4 peresenti. Wonjezera katundu pang'onopang'ono, theka la kilogalamu nthawi iliyonse, ndipo veniya iziyenda mamilimita 0.25 pa sitepe iliyonse. Kufanana kwa masitepeku ndiye lamulo la Robert Hooke, limene analisindikiza mu 1678. Kenako tsitsa katunduyo mmodzimmodzi uone ngati wayayo akubwerera pamene anayambira. Akapanda kubwerera, ndiye kuti wapyola malire ake, ndipo kuchokera pamenepo E = σ/ε sigwiranso ntchito. Chitsulo chofewa chimayamba kutanukiratu pa sitiresi ya pafupifupi 250 N/mm², yomwe pa waya wonenepa ngati wathuyu ndi makilogalamu 5 okha, pomwe chitsulo cholimbitsidwa chimapirira kuposa apo kangapo ngakhale kuti modyulasi yake ndi pafupifupi yomweyo. Valanso magalasi oteteza maso, pakuti waya akaduka amakwapula.

Kwa bambo akowo, ndi makolo ena a ku Thyolo ndi ku Mulanje amene akuwerenga, ndinene mwaulemu koma momveka kuti mwana wa chaka choyamba sanakhale injiniya, ndi wophunzira. Mukamutcha injiniya pa tchalitchi ndi pa msika wa Luchenza asanamalize ngakhale semesita imodzi, mumamutsekera pakamwa, ndipo akalephera amabisa m'malo mokafunsa thandizo. Muzimufunsa kuti sabata ino waphunzira chiyani, osati kuti adzakugulirani liti malata.

Iwe ukawauze zoona Loweruka likubwerali, nkhaniyi isanakule. Ukatero tenga pepala loyera, uwerengere wekha waya wachitsulo wa mamita 3, dayamita mamilimita 0.8, wosenza makilogalamu 4, osasuzumira mu kope. Ukapeza sitiresi ya pafupifupi 78 N/mm², sitireni ya 0.00039 ndi kutalika kowonjezereka kwa mamilimita pafupifupi 1.2, ndiye kuti mutu wako uli bwinobwino, vuto linali kawerengedwe. Sindikukulonjeza kuti chaka chachiwiri chidzakhala chophweka, chifukwa ziwirizi udzakumana nazonso pa mizati, pa mashafuti ndi pa konkireti, koma ukapeza manambala atatuwo pawekha, za kusintha kosi usandilemberenso.