Malire a kuluza pa tsiku ndi buleka ya akaunti yonse: muziike pati, nanga zikakwana mutani?

"Abale, ndimachita tiredi ya foleksi pa MetaTrader 5, akaunti ya madola 1,000. Dzulo ndinaluza katatu m'mawa, mtima unapsa, ndinakweza loti kuti ndibweze, pofika usiku madola 140 anali atapita. Ndimamva za malire a kuluza pa tsiku komanso buleka ya akaunti yonse. Zimenezi amaika bwanji, ndipo zikakwana munthu amatani?"

Achimwene, yambirani pa nambala yaing'ono kuposa zonse, ndalama imene mukulola kuti ipite pa tiredi imodzi, chifukwa malire ena onse amachokera pamenepo. Tinene kuti ndi 1 peresenti, kutanthauza madola 10. Pa EURUSD, loti ya 0.01 imayenda masenti 10 pa pipu iliyonse. Ngati Stop Loss yanu ili mapipu 25 kuchokera pomwe mwalowera, loti yoyenera ndi 0.04, popeza mapipu 25 pa masenti 40 akukwana madola 10. Malire a tsiku akhale kuluza kotereku katatu, madola 30. Ine katatu ndimakaona koyenera. Kuluza kamodzi kapena kawiri n'kwa masiku onse ngakhale kwa amene njira yake ndi yabwino, koma kupyola katatu mutu umakhala utatentha, munthu sakuonanso msika, akungoona ndalama yake yomwe yapita.

Malire amenewa musawasunge m'mutu ngati peresenti ayi. M'mawa musanatsegule tchati, onani Equity, chotserani 30, mulembe papepala: lero ikafika 970, ndatseka. Ndanena Equity dala. Balance imangowerenga matiredi otsekedwa, ndiye mukhoza kumadzinamiza kuti simunaluze kanthu pamene matiredi awiri otsegula akudontha madola 60. Equity imaphatikiza zonse, ndi zomwe zikadali m'madzi zomwe. Musankhenso ola limodzi limene tsiku lanu limayambira, monga pakati pa usiku pa wotchi ya buloka wanu, ndipo lisamasunthe. Apo ayi, mudzapezeka kuti tsiku latsopano mwaliyambitsa 4 koloko madzulo chifukwa choti lakalelo lakuipirani.

Pamene ambiri amaphonya ndi apa: malire amayenera kuwerengedwa musanalowe tiredi, osati kudikira kuti muwawombe. Tiyende nalo tsiku limodzi. Tiredi yoyamba yaluza madola 10. Yachiwiri yaluza 11, chifukwa mtengo unadumpha pang'ono Stop Loss ndipo pali komishoni. Mwataya 21, mwatsala ndi mpata wa madola 9. Tiredi yachitatu ya madola 10 siyikukwananso. Mukhoza kutsika pa loti ya 0.03, yomwe pa mapipu 25 ndi madola 7.50, kapena kungosiya. Ndipo ngati pali tiredi ina yotsegula yomwe Stop Loss yake ingadye madola 10, ndiye kuti mpata munalibe kale. Zomwe mwaluza lero kuphatikiza zomwe mungaluze ma Stop Loss onse otsegula atagundidwa nthawi imodzi, zisapitirire 30.

Zoti onse agundidwe nthawi imodzi si nthano. Munthu amagula EURUSD, n'kugulanso GBPUSD, n'kuwonjezera golide, iye n'kumati wamwaza. Sanamwaze, katatu konseko wabetcha kuti dola ifooka. Lipoti la ntchito la ku Amerika, lomwe kawirikawiri limatuluka Lachisanu loyamba pa mwezi, 14:30 nthawi ya kwathu kuno iwo akakhala m'chilimwe ndi 15:30 m'nyengo yawo yozizira, likabwera lolimbitsa dola, atatu onsewo amagwa m'mphindi imodzi. Madola 30 atha, tsiku latha. Matiredi oyendera dola mbali imodzi muziwatenga ngati tiredi imodzi n'kugawana madola 10 aja.

Tsono malire a tsiku ali ndi bowo lake. Mukhoza kuluza madola 25 tsiku lililonse kwa masabata awiri osawagunda n'kamodzi komwe, akaunti n'kutsika ndi madola 250. Buleka ya akaunti yonse imatseka bowo limeneli. Ili ngati buleka ya pa mita ya magetsi, siyifunsa kuti ndi chipangizo chiti chalakwa, imangodula nyumba yonse kuti muyambe mwafufuza. Misika ikuluikulu nayo ili nayo. Ku New York anaiyambitsa pambuyo pa 19 Okutobala 1987, tsiku limene Dow Jones inagwa ndi 22.6 peresenti. Lero S&P 500 ikatsika ndi 7 peresenti malonda amaima mphindi 15, pa 13 peresenti amaimanso mphindi 15, pa 20 peresenti amatseka tsiku lonse. Mu Malichi 2020 sitepe yoyambayo inagundidwa kanayi. Chotengerapo n'chakuti buleka imakhala ndi masitepe, ndipo nambala zake anazilemba kale zinthu zili bata.

Yanu muziyeza kuchokera pa nsonga, pomwe Equity inafikapo pamwamba kwambiri, osati pa ndalama yomwe munaika poyamba. Tinene akaunti inakwera kufika 1,080. Sitepe yoyamba ikhale 6 peresenti pansi pa nsongayo, pa 1,015. Mukafika apo simusiya, koma mumadula pakati: madola 5 pa tiredi, malire a tsiku 15. Sitepe yachiwiri ikhale 10 peresenti, pa 972, apa ndiye zonse ziima. Nsonga ikakwera, mizere iwiriyi imakwera nayo, koma siyitsika. Mukatapa ndalama mu akaunti, chotserani ndalama yomweyo pa nsonga, kuti kutapa kusaoneke ngati kuluza.

Mwina mufunsa kuti bwanji osangoima pa 6. Chifukwa chake ndi masamu. Ngati mumawina matiredi 40 pa 100 alionse, zomwe zili bwinobwino ngati zowina zimaposa zoluza kukula, kuluza maulendo 6 kapena 7 motsatizana mkati mwa matiredi 100 ndi chinthu choyembekezeka. Buleka yodula zonse pa 6 peresenti ingamakuimitseni njira yanu ilibe vuto. Kudula pakati kumakugulirani mpata: kuchoka pa 1,015 kufika pa 972 ndi madola 43, omwe pa madola 5 ndi kuluza kwina maulendo oposa 8. Munthu amene wafika pamenepo, china chake chasokonekeradi. Nanga bwanji osalola mpaka 20 kapena 30? Kukwera kumavuta kuposa kutsika. Mukatsika ndi 10 peresenti mumafunika 11 yokha kuti mubwerere, pa 20 mumafunika 25, pa 50 mumafunika 100.

Malire a tsiku akakwana, ndondomeko ya zochita ili ndi ntchito. Ngati muli ndi loboti yochita matiredi yokha, yambani kuzimitsa batani la Algo Trading, apo ayi mukatseka iyo itsegulanso. Dziwani kuti batani limeneli silitseka matiredi otsegula ndipo silifufuta maoda odikira. Choncho chachiwiri fufutani Buy Limit, Sell Stop ndi anzake onse, chifukwa amenewa amakhala kwa buloka ndipo angakulowetseni mumsika inu muli mtulo. Kenako tsekani zotsegula pa mtengo umene ulipo, osadikira kuti ibwerere pang'ono. Ena amasiya matiredi a masiku angapo ali otsegula, ndipo kwa munthu wozolowera n'zotheka, koma kwa inu panopa ndinganene kuti tsekani zonse, chifukwa tiredi yotsala ndiyo imakubwezerani pa sikirini. Mukatero tulukani mu akaunti. Ngati maso akukana kuchoka pa tchati, lowani ndi Investor password, yomwe imalola kuona koma osagula kapena kugulitsa. Mawa mubwere ndi loti yomweyo ya dzulo, osakweza, ndipo mzere watsopano muwerengere pa Equity ya m'mawa umenewo. Za kutsegula akaunti ina kwa buloka wina madzulo omwewo, kapena kuthira ndalama kuti peresenti ioneke yochepa, kumeneko n'kuphwanya malire omwewo podzera kuseri.

Buleka yaikulu ikagwa, usiku umodzi sukwana. Pumani sabata yathunthu, ndipo ntchito ya sabatayo ikhale mu History. Tengani matiredi onse kuyambira pa nsonga, muone kukula kwa kuluza kulikonse. Ngati lamulo linali madola 10 koma mukupeza 18, 27, 40, vuto si njira yanu, vuto ndi dzanja: munakweza loti, munasuntha Stop Loss, kapena simunaike n'komwe. Maola nawo amaulula, matiredi atatu olowedwa mkati mwa mphindi khumi chiluzireni ndi obwezera basi. Ngati kuluza kulikonse kukuposa pang'ono chabe, 11 kapena 12, onani sipuredi, komishoni ndi swapu, mwina Stop Loss yanu ndi yothina kwambiri moti ndalama zolipira zikudya phindu lonse. Koma ngati kuluza konse kuli 10 kapena 5 monga mwa lamulo, ndipo tiredi iliyonse inali ya m'ndondomeko, funso lili pa njirayo. Kawirikawiri imakhala njira yotsata msika woyenda mbali imodzi pamene msika wayamba kungozungulira pamodzimodzi. Imeneyo ipite ku demo. Pobwerera ku ndalama zenizeni yambani ndi theka, ndipo mulembe kale kuti mudzabwerera pa 1 peresenti pokhapokha mutachita matiredi 20 osaphwanya lamulo komanso Equity itadutsanso mzere wa 6 peresenti.

Malire onsewa sakulonjeza kuti mudzaluza 30 ndendende. Mtengo umadumpha. Pa 15 Januwale 2015 banki yaikulu ya Switzerland inachotsa mwadzidzidzi mpanda wa 1.20 pa EURCHF, ndipo ma Stop Loss ambiri anatsekedwa kutali kwambiri ndi pomwe anaikidwa, ena mpaka anatsala ndi ngongole kwa buloka. Tiredi yogona Loweruka ndi Lamlungu ikhoza kutsegula Lolemba itadumpha chimodzimodzi, ngakhale pang'ono. Kwathu kuno onjezerani magetsi ndi netiweki. Loboti yoyang'anira Equity pa laputopu yanu imafa magetsi akazima kapena bandulo ikatha, pamene Stop Loss imakhala pa seva ya buloka ndipo imagwira ntchito foni yanu ili chizimire. N'chifukwa chake tiredi iliyonse izikhala ndi Stop Loss yake kuyambira polowa, loboti ikhale yongothandizira.

Ngati mukulingalira za mayeso a makampani opereka akaunti, monga a masitepe awiri a FTMO omwe malire ake ndi 5 peresenti pa tsiku ndi 10 peresenti yonse, anuanu akhale mkati mwa amenewo, 3 pa tsiku ndi 8 yonse mwachitsanzo, kuti kudumpha kwa mtengo kukupezeni muli ndi mpata. Iwo amawerenga ndi matiredi otsegula omwe, ndipo tsiku lawo limasintha pakati pa usiku nthawi ya ku Ulaya wapakati, yomwe imafanana ndi yathu m'chilimwe chawo koma imakhala 1 koloko usiku kwathu kuno m'nyengo yawo yozizira.