Makompyuta 6, ana 48: teremu ya CAD iyende bwanji?

"Aphunzitsi anzanga, ndithandizeni. Ndili pa sekondale ina kuno ku Zomba ndipo ahedi akuti teremu ino ndiyambitse CAD, kujambula mapulani a zinthu pa kompyuta, ku Fomu 3. Ana alipo 48, makompyuta amene akuyaka ndi 6, akale ndithu, intaneti palibe. Ndili ndi dabulo piriyodi imodzi ndi singo imodzi pa sabata. Ndiyambire pati?"

Achimwene, yambirani pa masamu, musanakhudze n'komwe kompyuta. Pa kompyuta imodzi pazikhala ana awiri basi. Mukaika atatu, wachitatuyo amangokhala mboni, ndipo nthawi zambiri mboniyo imakhala mtsikana. Ndiye kuti ulendo umodzi mulowetsa ana 12, ndipo mukhala ndi magulu anayi. Pa mphindi 80 za dabulo, chotsanipo 20 zoyatsa, kusinthana mipando ndi kuzimitsa. Zotsalazo zikwanira magulu awiri, lililonse mphindi 30. Mwana aliyense azifika pa kompyuta kamodzi pa masabata awiri. Teremu ikakhala ya masabata 13, n'kuchotsapo yoyamba imene ana amabwera modukizaduka ndi ziwiri za mayeso, mutsala ndi 10. Mwana afikapo kasanu, ndipo poti amagawana ndi mnzake, dzanja lake ligwira mausi mphindi 75 teremu yonse.

Mphindi 75 zimenezi ndiye maziko a pulani yanu. Sizololera kuti mwana azikaganizira pa kompyuta. Aziganiza pa pepala, pa kompyuta azingokayesa ngati zimene waganizazo zili zoona.

Pulogalamu yake ikani LibreCAD. Ndi yaulere, siifuna intaneti mukangoiika, imayenda bwino pa makompyuta otopa, ndipo imasunga mafayilo a DXF amene AutoCAD imatsegulanso. Tinkercad iiwaleni, imadalira intaneti. FreeCAD ndi yabwino pa zinthu zooneka mbali zonse zitatu, koma imalemera, komanso mwana amene sanazolowere mzere wowongoka isokoneza mutu wake. Ikopereni kamodzi pa fulashi, muike mtundu umodzimodzi pa makompyuta onse sabata yoyamba, chifukwa mitundu ikasiyana mabatani ena sakhala malo amodzi ndipo mudzatha mawu pofotokoza.

Masabata 2 ndi 3 musayembekezere zambiri. Ena mwa anawo aka kakhala koyamba kugwira mausi, ndipo mudzaona wina akuinyamula m'mwamba ngati limoti. Aphunzire kukuza ndi kuchepetsa chithunzi ndi kawilo ka mausi, kujambula mzere, kubweza akalakwitsa, ndi kusunga fayilo m'foda ya gulu lawo. Aphunzitseninso tsiku lomwelo lamulo la `za`, lolemba m'kabokosi ka malamulo. Mwana akakuwa kuti "Sala, chojambula changa chasowa!", sichinasowe, wangochikankhira kutali kapena wachichepetsa kwambiri, ndipo `za` imachibweretsa chonse pa sikirini.

Pamene ndikufuna tikhalitsepo ndi masabata 4 ndi 5, chifukwa teremu yonse imamangidwa pamenepa. Mu LibreCAD mungathe kujambula polemba manambala m'kabokosi ka malamulo, osagwira mausi. Mukalemba `100,0` mukunena malo enieni kuchokera pa chiyambi, pa `0,0`. Mukaika `@` patsogolo mukunena kuti kuchokera pamene ndaima pano, pita mtunda wakuti. Zimenezi ana angaphunzire bwinobwino pa pepala la girafu, m'piriyodi ya singo ija, magetsi alipo kapena palibe.

Tengani kachitsulo kooneka ngati L, kamene amakhomera nako mashelefu. Pansi n'kotalika mamilimita 100, msinkhu 60, kunenepa 20. Mwana akalembe chonchi m'kope lake:

```
li
0,0
@100,0
@0,20
@-80,0
@0,40
@-20,0
close
```

`li` ndi lamulo loyamba mzere, `close` ndi lotsekera pobwerera pamene unayambira. Kenako asinthane makope. Mnzakeyo akhale ngati kompyuta: atenge pensulo ndi pepala la girafu, atsate manambalawo monga alembedwera, osakonza, osaganizira chimene mwiniwake amafuna kunena. Apa m'pamene kalasi imadzuka, chifukwa "kompyuta" ikajambula chinthu chopotoka mkangano umabuka, ndipo pokanganapo amapeza okha pamene palakwika. Aphunzitseni kuyesa asanaimirire n'komwe: manambala opita cham'mbali akaphatikizidwa apereke ziro. Apa ndi 100 kuchotsa 80 kuchotsa 20. Okwera ndi 20 kuphatikiza 40, ndiye kuti mzere wotsekera utsika 60, womwe ndi msinkhu uja. Zikapanda kugwirizana, palibe chifukwa chopitira ku kompyuta.

Lamulo langa linali loti kope lopanda siginecha yanga silifika pa kiyibodi. Limaoneka lankhanza sabata yoyamba, koma ndi limene limachititsa kuti mphindi 30 zikwane. Ndiponso limayankha funso limene simunafunse, loti ana 36 otsalawo azitani pamene 12 ali pa makompyuta. Gulu limodzi likukonza manambala a ulendo wotsatira, lina likuyesa a anzawo, lina likupima zinthu zenizeni ndi rula: njerwa, hinji, bokosi la choko, loko wa pakhomo.

Cholakwika chimene mudzachione kambirimbiri ndi kuiwala `@`. Pa chitsanzo chathuchi, mwana akalemba `-80,0` mopanda chizindikirocho, mzere sutembenukira kumanzere pamwamba pa phazi la L, umatsetsereka mopendekera mpaka kupitirira pa chiyambi. Mukaona mzere wautali wopendekera woloza kufupi ndi `0,0`, musafufuze zambiri, ndi chimenecho. China ndi koma. Mwana wofuna kulemba 12.5 akalemba `12,5`, pulogalamu imamva kuti akunena malo. Chachitatu, amalemba manambala kabokosi ka malamulo kasanadinidwe, n'kumadabwa kuti palibe chikuchitika.

Masabata 6 ndi 7 abwere mabwalo, mizere yoyenderana, ndi kudula zotsalira ndi `Trim`. Boolani kachitsulo kaja mabowo awiri a sikuluwu, osayamba chinthu chatsopano. Koma phunziro lenileni apa ndi `Snap`, imene imakokera mzere pa malo enieni, monga pothera mzere wina. Ana amakhulupirira maso, amaika mzere pamene "pakuoneka kuti pakumana". Ine teremu yanga yoyamba, pa sukulu ina kuno komweko, ndinachonga zojambula za kalasi yonse n'kupereka mamalikisi okoma. Tsiku lina ndinangokuza kona imodzi, n'kupeza mpata woti mbuzi n'kudutsa. Nditayang'ana ena, pafupifupi onse anali choncho. Kuyambira pamenepo, pochonga ndimakuza makona awiri kapena atatu mwiniwake akuona. Ayatse `Snap on Endpoints`, `Snap Center` ndi `Snap Intersection`, ndipo azimitse `Snap on Grid` akamajambula chinthu chimene miyeso yake sigwera pa timadontho, apo ayi mzere uzidumphira pamene sakufuna.

Masabata 8 ndi 9 ndi a maonekedwe atatu amene akuwadziwa kale ku TD, phunziro la Technical Drawing: kutsogolo, pamwamba ndi m'mbali. Musasinthe dongosolo limene amatsata pa bolodi lojambulira. Ngati cha pamwamba amachiika pansi pa cha kutsogolo, chikhale pomwepo. Chatsopano ndi `Layer`. Ine ndimawauza kuti ali ngati mapepala oonekera osanjikizana, lililonse ndi ntchito yake: la mizere yooneka, la mizere yobisika yodukaduka, la mizere ya pakati, la miyeso. Musawasiye apange okha, nthawi idzathera posankha mitundu. Konzani fayilo imodzi yokhala ndi zonsezi, ndi malire a pepala la A4 komanso kabokosi ka dzina, muiike pa kompyuta iliyonse, iwo azingotsegula n'kusunga m'dzina lina. Miyeso ayambe ndi iwiri yokha, `dh` ya cham'mbali ndi `dv` yokwera.

Apa ndikuchenjezeni za sikelo, chifukwa ana a TD ozindikira ndi amene amagwa. Pa pepala anazolowera kugawa miyeso asanajambule kuti desiki ikwane. Pa CAD timajambula kukula kwenikweni. Desiki ya mamilimita 1200 ilembedwe 1200, sikelo imabwera posindikiza. Mwana akagawa yekha ndi 10, muyeso wake udzawerenga 120, ndipo kalipentala wa ku Chinamwali atautsata angakhome desiki ya chidole. Pa A4, lomwe ndi 297 kwa 210, desikiyo imakwana pa 1:10, ndipo malire a pepala aja muwakuze kakhumi kuti ailandire. Manambala a miyeso akaoneka ngati nyerere, pitani ku `Current Drawing Preferences`, pa `Dimensions`, muike `General Scale` pa 10.

Desiki yomweyo ndiyo ikhale ntchito yomaliza ya masabata 10 ndi 11. Awiriawiri apime desiki yawo, ajambule pamanja, alembe manambala, kenako alowetse. Ngati pulinta palibe, sungani monga PDF mukasindikize m'tauni. Pamenepo muimirire pafupi, muwauze kuti asasankhe `Fit to page`, chifukwa imasintha sikelo mwakachetechete. Pepala likatuluka ikanipo rula. Mbali ya 1200 ija ipereke 120 ndendende. Ikapereka 113 kapena 115, pepala lafinyidwa.

Za magetsi mukuzidziwa kale. Ngati ndi teremu yoyamba, cha mu Novembala mvula ya ziphaliwali ikayamba kutsika m'phiri muno, dabulo ina idzapita ndithu. Musadumphe gulu limene latayika, ndandanda ingosunthira kutsogolo, ndipo ikafika pothina dulani ntchito ya desiki ikhale maonekedwe awiri m'malo mwa atatu. Masabata 4 ndi 5 okha musawadule. Ana azisunga ndi `Ctrl+S` akamaliza mbali iliyonse, ndipo mafulashi awo asalowe mu labu. Fulashi ikhale imodzi, yanu, yokoperako mafoda onse Lachisanu. Ija vayirasi yosandutsa mafoda kukhala mashotikati inandidyerapo ntchito ya masabata atatu.

Pa mamalikisi, musapereke onse pa fayilo, popeza fayilo ya anthu awiri siinena amene wagwira ntchito. Ine ndimagawa theka ku kope la manambala, limene ndi la munthu mmodzi, gawo lina ku desiki, ndipo lotsala ku kamayeso ka mphindi 10 komwe aliyense amakhala yekha pa kompyuta: kachinthu ka mizere 6, bowo limodzi, miyeso iwiri. Ndi makompyuta 6 ndi maulendo 8, choncho dabulo imodzi siikwana. Pemphani masana amodzi kwa ahedi panopa, ndandanda ya mayeso isanatuluke. Ndipo m'maulendo onse a teremu muziimba m'manja pa mphindi 15 kuti asinthane mpando, ndi kuyang'anadi kuti asinthana, chifukwa pali anyamata ena amene amasuntha thupi koma mausi osaisiya.