Webusayiti yanga inafa mu Febuluwale, ine ndinamva mu Epulo

“Ndili ndi kaloji ka zipinda zisanu ndi zitatu pa Mchinji boma. Mnyamata wina akuti andipangira webusayiti pa K450,000, ndipo akuti dzina la webusayitiyo ndi laulere. Kodi ndikalipira ndalama imeneyi ndiye kuti ndathana nazo, kapena pali zina zolipira chaka ndi chaka? Ndizisunga zingati?” Mayi wa ku Mchinji

Mayi, mawu akuti “laulere” ndi amene andichititsa kukhala pansi usiku uno, chifukwa ndi mawu omwewo amene anandigoneka tulo ine mu 2023.

Ndimagula soya ndi mtedza kwa alimi a ku Chamama ndi ku Santhe n'kumagulitsa kwa makampani a ku Lilongwe. Ogula akuluakulu amayamba kukayikira munthu akawatumizira mitengo kuchokera pa adiresi ya imelo yofanana ndi ya mwana wasukulu, choncho mu Febuluwale chaka chimenecho ndinapeza mnyamata wa pano pa Kasungu kuti andipangire webusayiti ya masamba asanu, pamodzi ndi imelo yokhala ndi dzina la bizinesi yanga. Ndinamulipira K250,000, ntchito anaigwira bwino, ndipo ndinasindikiza adiresiyo pa makadi, pa mainvoisi ndi pachitseko cha lole. Sindinafunse kalikonse, pakuti m'maganizo mwanga ndinali nditagula chinthu monga mmene ndimagulira sikelo.

Chaka chotsatira, sabata yoyamba ya Epulo, wogula wina anandiimbira foni n'kundifunsa ngati ndinatseka bizinesi, popeza makalata ake atatu anali atabwerera. Nditatsegula webusayiti sindinapeze kanthu. Mu Febuluwale ndi Malichi malonda a mbewu amakhala ali zii, mbewu zili m'munda, ndiye sindinadabwe kuti imelo inali chete. Kumeneko n'kuti itafa kalekale. Mnyamata uja anali atapita ku Joni ndipo nambala yake sinkapezeka. Zinanditengera masiku anayi, kudzera kwa mayi ake ndi kwa mlamu wake, kuti ndimupeze.

Zimene anandifotokozera ndi izi. Pa K250,000 ija, iye anachotsapo madola 36 n'kulipira kampani ya kunja yosunga mawebusayiti, ntchito imene amaitcha hositing'i, pa mtengo wokopa makasitomala atsopano wa madola atatu pamwezi. Dzina la webusayiti, lomwe amalitcha domeni, anamupatsa laulere kwa chaka chimodzi chokha. Dola panthawiyo inali cha m'ma K1,030 kubanki, kutanthauza kuti zonse zinamudyera pafupifupi K37,000. Chaka chitatha, hositing'i yomweyo inabwerera pa mtengo wake weniweni wa madola 12 pamwezi, omwe ndi madola 144 pachaka, ndipo domeni ija inafuna madola 20. Pakati pa zaka ziwirizi, mu Novembala 2023, kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Madola 164 anasanduka K278,800. Chinthu chomwecho, popanda kuwonjezerapo ngakhale chithunzi chimodzi, chinakwera kasanu ndi kawiri ndi theka, n'kuposanso ndalama yonse imene ndinalipira popangitsa webusayitiyo.

Koma ngakhale ndikanakhala nazo ndalamazo m'thumba, sindikanadziwa kuti tsiku lakwana. Malamulo a ICANN, bungwe loyang'anira mayina a pa intaneti, amakakamiza kampani yogulitsa domeni kutumiza chikumbutso kutatsala pafupifupi mwezi umodzi, china kutatsala sabata imodzi, ndi china dzinalo litangotha. Zikumbutso zonsezo zinatumizidwa, koma zinapita ku imelo ya mnyamatayo, chifukwa akaunti anatsegula m'dzina lake. Khadi la kubanki limene analipirira linali lobwereka kwa mnzake, ndipo kampaniyo itayesa kudulako ndalama, khadilo linakana.

Domeni ya .com ikatha sifa tsiku lomwelo. Pamakhala nyengo yokukhululukirani, imene imasiyana malinga ndi kampani koma sipitirira masiku 45, ndipo mkati mwake mumalipira mtengo wamba. Ikadutsa imeneyo dzinalo limalowa m'masiku ena 30 oliwombola, pamene mumalipira chindapusa pamwamba pa mtengo wa chaka. Akatha amenewo pamatsala masiku asanu amene palibe angalikhudze, kenako limamasulidwa kuti aliyense padziko lapansi aligule. Langa linali m'masiku owombola, ndipo chindapusa chinali madola 80, omwe ndi K136,000. Zonse pamodzi zinakwana K414,800, m'mwezi umene ndalama iliyonse ndimaisungira kugula soya. Mafayilo a webusayiti anali atafufutidwa kale pa seva, kompyuta ya kampaniyo yosungiramo mawebusayiti, chifukwa cha ngongole ya hositing'i; mwamwayi mnyamatayo anali ndi kope lakale pa laputopu yake.

Kwa miyezi ingapo ndinkamuda mnyamata uja ndipo ndinkamutchula wakuba pamaso pa anthu. Lero ndimaona kuti ndinamulakwira. Iye sanandibere kalikonse; anangochita zimene ambiri amachita, kusankha mtengo umene unalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu. Amene ndimawaimba mlandu ndi makampani amene amalemba madola atatu pachikwangwani, mtengo weniweni n'kuubisa m'tizilembo ting'onoting'ono pansi. Iwo amadziwa kuti munthu akasindikiza adiresi pachitseko cha lole sangaisiye chaka chamawa. Palibe domeni yaulere. Kampani ya Verisign, yomwe imasunga kaundula wa mayina onse a .com, inayamba kulipiritsa ogulitsa madola 10.26 pa dzina lililonse pachaka mu Sepitembala 2024. Wina akakupatsani dzina la .com kwaulere kapena pa dola imodzi, ndiye kuti waluza dala pafupifupi madola khumi, ndipo akudziwa bwino lomwe kumene adzawapeze.

Ndipo ndinene mosabisa kuti wopanga mawebusayiti amene amapereka koteshoni ya chaka choyamba chokha, osalemba za chaka chachiwiri, sanamalize ntchito yake, kaya walakwitsa mwadala kapena mosadziwa. Mmisiri wokumangirani sitolo pamalo a lendi amakuuzani kuti lendi ilipo. Webusayiti ili pamalo a lendi kawiri: dzina ndi lobwereka, malo osungira mafayilo ndi obwerekanso, ndipo eni malo onse awiri amawerengera m'madola. Ngakhale mutapita ku kampani ya ku Malawi konkuno yolandira makwacha kudzera pa foni, zomwe ndi zothandiza kwambiri masiku ano pamene makhadi a kubanki amavuta kulipira zinthu za kunja, kampaniyo nayo dzina la .com imaligula m'madola, ndipo dola ikakwera mtengo wake udzakutsatani.

Pali tinthu tina timene timalowa mu bilu mwakachetechete. Pogula koyamba pamakhala timabokosi tochongedwa kale, ta chitetezo chowonjezera, ta kusunga makope a webusayiti, ta kubisa dzina la mwini, ndipo chaka choyamba tambiri timakhala taulere kapena totchipa, kenako timadzilipiritsa tokha. Kamene kamandikwiyitsa kwambiri ndi ka satifiketi yachitetezo, ija imachititsa kuti adiresi iyambe ndi https. Makampani ena amaigulitsa madola makumi angapo pachaka, chikhalirecho bungwe la Let's Encrypt limapereka satifiketi yotere kwaulere, ya masiku 90, imene seva yokonzedwa bwino imaitenganso yokha ikamatha. Webusayiti ya loji siifunika yoposa imeneyo. Inuyo chimene muyenera kuchiyang'anitsitsa ndi pulagini yosungitsira zipinda, kapulogalamu kowonjezera kamene kamalola alendo kusungitsa chipinda pa webusayiti. WordPress, pulogalamu imene anthu ambiri amapangira mawebusayiti, payokha ndi yaulere, koma mapulagini ambiri olandira mabuking'i amagulitsidwa ndi laisensi ya chaka chimodzi. Laisensi ikatha pulaginiyo kawirikawiri imapitiriza kugwira ntchito, n'chifukwa chake anthu sazindikira, koma imasiya kulandira zokonza zatsopano, ndipo pakapita miyezi imayamba kusemphana ndi WordPress kapena kutsegulira khomo anthu olowerera mawebusayiti.

Tsopano funso lanu

Musanalipire K450,000, muuzeni mnyamatayo akulembereni papepala mtengo wa chaka chachiwiri wa chinthu chilichonse payekhapayekha: domeni, hositing'i, imelo, pulagini iliyonse yogula, ndi ndalama yake iyeyo yoyang'anira webusayiti pachaka. Pa tsamba logulira, mtengo umene mukufuna ndi umene walembedwa pafupi ndi mawu akuti “renews at”. Mwa kuwerengera kwanga, pa webusayiti yaing'ono ngati yanu, domeni ya .com muiikire madola 15 mpaka 22 pachaka, hositing'i madola 60 mpaka 150 malinga ndi kampani, ndipo pulagini ya mabuking'i, ngati ilipo, madola 50 mpaka 100. Zonse zikugwera pakati pa madola 125 ndi 272. Dola ikakhala pa K1,750, ndiye kuti ndi kuyambira pafupifupi K220,000 mpaka K476,000, osawerengera malipiro a mnyamatayo. Ine ndimawonjezerapo gawo limodzi mwa magawo anayi chifukwa cha kwacha, n'kugawa zonsezo pa miyezi 12 kuti ndizipatula pang'onopang'ono.

Akaunti ya domeni itsegulidwe m'dzina lanu, pasiwedi ikhale ndi inu, ndipo imelo yolandirira zikumbutso isakhale ya pa domeni yomweyo, chifukwa dzinalo likafa imeloyo imafa nalo limodzi. Tsiku lothera mungalione nokha pa lookup.icann.org, kapena mnyamatayo alembe izi pa kompyuta yake inu mukuona:

```
whois dzinalanu.com
```

Muyang'ane mzere wolembedwa “Registry Expiry Date”. Mukadzaona mawu akuti “redemptionPeriod”, ndiye kuti mwalowa kale m'masiku 30 a chindapusa aja.

Domeni ya .com imaloledwa kulipiriratu mpaka zaka khumi, ndipo zaka zimene mwawonjezera zimaikidwa pamwamba pa tsiku lakale lothera, kotero simutaya kanthu mukalipira msanga. Yanga imathabe mu Febuluwale, koma ndimailipira mu Julayi soya akagulitsidwa, ndipo ulendo wapitawu ndinalipiriratu zaka zitatu. Hositing'i ndinaisamutsira ku kampani ina yotchipirapo, ndipo imeneyo ndimalipira chaka chimodzi chimodzi, chifukwa ikadzayamba kuvuta ndikufuna kudzatha kuchoka popanda kusiyako ndalama za zaka ziwiri.