Sikirinishoti ikutuluka yakuda, foni yafa?

"Abale thandizeni, ndikajambula sikirinishoti pa apu ya banki kuti nditumize umboni woti ndalipira ikumangotuluka yakuda bii, pa Netflix chimodzimodzi. Foni yanga yafa kapena?"

Foni ili bwinobwino achimwene, musapite nayo kwa okonza angokudyerani ndalama. Jambulani kaye pa mameseji kapena pa wotchi, ikatuluka bwino dziwani kuti ndi ma apu awiriwo akukana dala, ndiye aliyense ali ndi chifukwa chake.

Ya banki ija, ngati muli pa Android, amene anaipanga anayatsa kanthu kotchedwa FLAG_SECURE, komwe kamauza foni kuti tsamba ili lisajambulidwe ndi china chilichonse. Mafoni ena amakana poyera ndi kauthenga konena za security policy, ena amajambula ndithu koma chithunzi chakuda. Mungazindikire posuzumira pomwe pamaoneka ma apu omwe mwatsegula posachedwa, nthawi zambiri ya banki imaoneka yopanda kanthu pomwe anzake akuoneka. Ndipo ine ndimaona kuti anachita bwino, chifukwa chomwe chikukutsekerani inuyo ndi chomwechonso chimatsekera ka apu kakuba komwe kangafune kujambula balansi ndi nambala ya akaunti mwakachetechete, kapena tsinzinantole wokuimbirani kuti sheyani sikirini ndikuthandizeni, iyenso amangoona mdima.

Za filimu ndi nkhani ina, imeneyo ndi DRM, loko wa eni mafilimu. Pa Android amatchedwa Widevine, pa iPhone FairPlay. Vidiyo imabwera yokhoma, imakatsegulidwira m'kachigawo kotetezedwa ka purosesa nkupita ku sikirini osadutsa pomwe sikirinishoti imatapa zithunzi, nchifukwa chake maso anu akuona koma chojambulacho chapeza bowo. Onetsetsani chithunzi chanucho, mwina mupeza mabatani ndi mawu a pansi aja akuoneka, pakuda ndi pamene panali filimu pokha. Pamenepo palibe batani la mu foni loti mungasinthe, ngati mumafuna kuonetsa mnzanu ingomutumizirani linki kapena dzina la filimuyo.

Tsono umboni wa malipirowo, sikirinishoti musiyane nayo. Lowani mu apu pa mndandanda wa zomwe mwatumiza, dinani malipiro amenewo, fufuzani Share kapena Download receipt, ma apu ambiri amakupatsani risiti ya PDF yokhala ndi tsiku, ndalama ndi nambala ya refelensi. Nambala imeneyo ndi yomwe wolandira angatsimikizire nayo ku banki kwake, chithunzi aliyense atha kuchipanga. Batanilo likasowa tumizani meseji kapena imelo yomwe banki inakutumizirani, kungoti muyambe mwabisa balansi ngati yalembedwamo.

Koma chonde ma apu aja olonjeza kuti amajambula paliponse musawaike, makamaka akapempha chilolezo cha Accessibility, chilolezo chimenecho chimawalola kuwerenga zolembedwa pa sikirini ngakhale kudina mabatani m'malo mwanu. Wina akakuuzani zopanga root foni, kutanthauza kuthyola maloko a chitetezo a mkati mwa foniyo, mukanenso, ma apu ambiri a banki akazindikira foni yotero amakaniratu kutseguka.