K15,000 yanu sinabedwe, koma palinso ina imene simukuiona

"Ndine mphunzitsi, ndimakhala ku Chilomoni. Ndinaika K500,000 mu yuniti tirasiti, koma stetimenti yoyamba ikuonetsa K485,000. Kodi andibera? Mnzanga akutinso ndinalakwa kugula mayuniti a K97, pomwe kuli ena a K4.85 omwe ndikanapeza ambirimbiri. Ndichotse ndisamukire kumeneko?"

Aphunzitsi, kalata yanu ndinaiwerenga mu minibasi pa Ginnery Corner, ndipo ndinaseka ndekha mpaka mayi amene ndinakhala nawo mpando umodzi anandiyang'ana mondikayikira mutu. Sikuti ndimaseka inu ayi. Ndinakumbukira tsiku limene ineyo ndinakalipira mtsikana wa pa kauntala pa nkhani yomweyi, chonsecho wolakwa ndinali ine.

Ndinali nditagulitsa kapuloti kanga ku Chileka, ndipo nditabweza ngongole zina panatsala K300,000. Kunabwera mnyamata kuntchito kwathu, wa tayi ndi kachikwama, wolankhula mosalala. "Bwana, ndalama isagone, igwire ntchito." Anandionetsa pepala la mzere wokwera ngati msewu wa ku Soche, ine n'kusaina fomu ya yuniti tirasiti ya masamba anayi nditangowerenga pamene panali dzina langa. Patatha miyezi inayi malume anamwalira kumudzi, bokosi ndi galimoto zinagwera ine. Ndinathamangira ku ofesi yawo m'tauni, ndinadzaza fomu yochotsera, ndinadikira masiku angapo, ndipo mu akaunti munalowa K296,400. Ndinabwererako mtima uli m'mwamba. Mtsikanayo sanakweze mawu. Anatulutsa fomu yanga ija, natsegula tsamba lachitatu, naika chala pa kamzere konena kuti polowa amadula 5 peresenti. Pansi pake panali siginecha yanga. Ndiye kuti K15,000 inachoka tsiku loyamba, ndalama imene inapita kukagwira ntchito inali K285,000, ndipo m'miyezi inayi ija inakula ndi 4 peresenti. Thumba la ndalamalo silinalakwe kanthu, linapinduladi. Kungoti ndinatuluka phindu lisanakwirire dzenje la polowera. Ndinachoka osatsanzika, ndipo mpaka lero ndikamadutsa pakhomo pamenepo ndimayang'ana kumbali.

Yanunso ndi yomweyo, 3 peresenti ya K500,000. Nthawi zambiri gawo la ndalama imeneyi ndi komishoni ya amene anakubweretserani fomu, n'chifukwa chake tsamba lachitatu amalidutsa mothamanga. Si kuba. Koma wogulitsa amene satchula chidulochi ndi pakamwa pake, pamaso pa munthu amene wasunga ndalama kuchokera pa malipiro a uphunzitsi, ine ndimamuona ngati wopanda ulemu.

Kuti timvane za K97, taganizirani chimene mwagula. Yuniti tirasiti, imene kwina amaitchula kuti myuchuwo fandi, ndi thumba limodzi limene anthu ambiri amaponyamo ndalama. Woyang'anira thumbalo amagula nazo masheya pa Malawi Stock Exchange, kapena kubwereketsa boma kudzera ku Reserve Bank of Malawi, kapena kuika m'mabanki pa chiwongoladzanja. Katundu yenseyo amawerengedwa mtengo wake, n'kuchotsapo zimene thumba liyenera kulipira, monga malipiro a woyang'anira, a osunga katunduyo ndi a owerengera mabuku. Chotsalacho ndicho pa stetimenti amalemba kuti NAV, ndipo akachigawa ndi chiwerengero cha mayuniti onse amapeza mtengo wa yuniti imodzi.

Tiyerekeze kuti thumba lanu lili ndi katundu wa K1 biliyoni, ngongole zake ndi K30 miliyoni, mayuniti alipo 10 miliyoni. Chotsala ndi K970 miliyoni, ndiye yuniti imodzi ndi K97. K485,000 yanu inagula mayuniti 5,000. Mawa masheya a banki ina akakwera, mayuniti anu akhalabe 5,000, chimene chisinthe ndi K97 ija.

Mnzanuyo akulankhula ngati munthu wa pamsika wa Limbe amene akukondwa kuti wagula zigoba zinayi pomwe mnzake wagula ndowa imodzi. Chimanga chake n'chofanana, chasiyana ndi choyezera. Ndi K485,000 mukanapeza mayuniti 100,000 a K4.85, zoona. Matumba onse awiri akakula ndi 10 peresenti, yuniti yanu ifika K106.70, yake ifika K5.335. Chulukitsani: inu K533,500, iye K533,500. Palibe ngakhale tambala yosiyana. Yuniti ya mtengo wotsika imangosonyeza kuti thumbalo linagawidwa tizidutswa tambiri, kapena ndi latsopano, kapenanso silinakule. Ndipo mukamumvera n'kusamuka lero, kumeneko akakulandirani ndi chidulo chinanso cha polowera, mukhala mutalipira kawiri pa ndalama imodzi.

Anthu amasokoneza zimenezi ndi masheya, ndipo sindiwadzudzula. Msika wathu wa masheya, umene unayamba malonda mu 1996 ndi kampani ya NICO, uli ndi kampani ina yotchedwa National Investment Trust plc. Nayonso ndi thumba la masheya a makampani ena, koma masheya ake mumagula kwa munthu mnzanu pamsika, ndipo mtengo wake umadalira ogula ndi ogulitsa tsiku limenelo. Ungakhale pansi pa NAV yake kapena pamwamba. Kumeneko mawu oti "ndapeza zotchipa" ali ndi tanthauzo. Mu yuniti tirasiti mulibe zimenezo, chifukwa mukalowa amakupangirani mayuniti atsopano pa mtengo wochokera ku NAV, mukatuluka amawafafaniza potengera NAV yomweyo. Simunenerera ngati kaunjika.

Tsono chimene chimandipweteka ine si K15,000. Imeneyo mwaiona, mwapsa mtima, mwandilembera. Imadulidwa kamodzi basi. Pali chidulo china cha chaka ndi chaka, cholipira woyang'anira thumba, ndipo pa stetimenti zambiri simuona mzere wonena kuti lero tadula zakuti. Chimachotsedwa m'katundu wa thumba pang'onopang'ono mtengo wa yuniti usanalengezedwe, moti K97 imene mukuionayo ndi yometedwa kale. Ngati chili 2 peresenti, pa K485,000 ndi K9,700 pachaka, pafupifupi K27 patsiku. Ndani angadandaule K27, yosagula ngakhale chitumbuwa? Komatu chimadya ngati anankafumbwe: thumba mukaliona panja ndi lodzaza, mumadzazindikira tsiku lopita kuchigayo.

Tiyeni tiyese ndi manambala ongoyerekeza. Matumba awiri agula katundu wofanana, ndipo katunduyo akukula ndi 20 peresenti chaka chilichonse. Loyamba limadula 1 peresenti, ndiye kwa inu kukufika 19. Lachiwiri limadula 3, kukufika 17. Chaka choyamba kusiyana ndi K9,700 yokha. Mukasiya K485,000 zaka 10 osakhudza, m'thumba loyamba mupeza pafupifupi K2,760,000, m'lachiwiri pafupifupi K2,330,000. Kusiyana kwake ndi K430,000, kutsala pang'ono kufanana ndi ndalama yonse imene munaika poyamba. Chifukwa chake n'chakuti kwacha iliyonse yodulidwa chaka chino imapita ndi ana amene ikanabereka zaka zotsatirazo. Ndipo chaka chimene masheya agwa, chidulocho sichipita kutchuthi. Inu mwaluza, woyang'anira walandira.

Apa mtima wanga ndi wouma. Thumba longobwereketsa boma ndi kusungitsa m'mabanki, ntchito yake si yoti munthu angatuluke nayo thukuta kwambiri, ndiye likamadula mofanana ndi thumba la masheya ine sindiliyandikira. La masheya lingadule mokwererapo, poti pamafunika anthu owerenga mabuku a makampani, koma lindionetse kuti pazaka zisanu, atachotsa zonse, osunga anatsala ndi zochuluka kuposa munthu amene anangobwereketsa boma n'kukagona. Likalephera, ndiye ndikulipirira tayi ndi kapeti.

Mkazi wanga akamandimva ndikulankhula chonchi amati, "Nanga bwanji osangobwera ku banki m'khonde?" Ndipo ali ndi mfundo, chifukwa ku gulu lawo ku Ndirande aliyense amadziwa kuti loko wa bokosi anagula zingati, chindapusa cha wochedwa ndi zingati, ndipo pogawana mu Disembala amawerenga ndalama pamphasa onse akuona. Kumeneko chidulo sichibisala. Chimene chimabisala ndi membala amene wakongola n'kuzima foni. Chaka china gulu lawo linagawana misozi. Yuniti tirasiti yovomerezeka imakhala pansi pa Registrar of Financial Institutions, amene ndi Gavanala wa Reserve Bank, ndipo katundu wa thumba amasungidwa padera, osati m'thumba la kampani yoyang'anira. Chitetezo chimenecho ndi gawo la zimene mukulipira, ndiye sindikunena kuti chidulo chikhale ziro. Koma chitetezocho ndi choti ndalama isathawitsidwe, osati choti mtengo wa yuniti usatsike.

Nanga kukwera kwa mitengo?

Izi ndiye mnyamata wa tayi sazitchula n'komwe. Mu Meyi 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, ndipo mu 2024 mitengo ya zinthu inkakwera ndi cha m'ma 30 peresenti pachaka. Tengani chaka chotero. K485,000 yanu yakula ndi 17 peresenti, yafika K567,450. Poyerekeza ndi K500,000 imene inachoka m'manja mwanu, phindu ndi K67,450, kapena 13.5 peresenti, osati 17 ya pa pepala lokopera anthu. Koma zinthu zimene munkagula K500,000 tsopano zili K650,000. Stetimenti ikumwetulira, thumba la feteleza likukusekani. M'chaka chotero 2 peresenti imene munthu angapulumutse pa chidulo si yoseweretsa, chifukwa ndi chinthu chokhacho pa zonsezi chimene mungasankhe nokha. Mtengo wa shuga simungausankhe.

Ndatalikitsa, pepani. Musachotse chifukwa cha K15,000, yapita kale ndipo kutuluka sikuibweza. Pitani ku ofesi yawo ndi stetimenti, muwafunse kuti chidulo cha pachaka ndi zingati akaphatikiza zonse, ngati pali chidulo cha potuluka, ngati 3 peresenti ija idzadulidwanso nthawi iliyonse mukawonjezera ndalama, komanso ngati phindu limene amalengeza ndi lochotsa kale zidulo. Akulembereni papepala. Mukadzaona mtengo wa yuniti watsika mwadzidzidzi, yambani mwayang'ana ngati si tsiku logawa phindu, poti thumba likagawa, NAV imatsika ndi ndalama yomweyo, ndipo inu mumailandira kapena mayuniti anu amachuluka. Ngati ndalamayi ndi ya fizi ya teremu ikubwerayi, ndilembereninso mundiuze kuti thumbalo ndi la masheya kapena la chiwongoladzanja, chifukwa pamenepo yankho langa lisintha.