Uthenga wa VCRUNTIME140.dll pa pulogalamu yongoika kumene

"Akuluakulu, ndaika pulogalamu pa Windows 10 koma ikukana kutseguka, ikuti VCRUNTIME140.dll was not found. Nditani?"

Achimwene, musalole munthu aliyense kukukopererani fayilo imodzi yokhayo. Ine zinandigwera pa shopu yanga yotayipa ndi kusindikiza ku Matawale, nthawi imene ophunzira a ku Chirunga anali kuthamangira kukapereka ntchito zawo. Ndinaitana mnyamata wina wodzitcha katswiri, amene anatulutsa fulashi m'thumba, naponya fayiloyo mu C:\Windows\System32, kenako mu foda ya pulogalamu, n'kulandira ndalama zake. Uthenga uja unachokadi, koma m'malo mwake munabwera wina wa 0xc000007b, ndipo pulogalamu sinatsegukebe. Ophunzira anali ataima mpaka pakhonde, mtsikana wina misozi ili m'maso chifukwa nthawi yopereka inali itatsala pang'ono, pamene katswiri uja foni anali atasiya kuyankha. Mpaka lero zimandiwawa kuti munthu angadye ndalama za mnzake pa ntchito imene sakuidziwa.

Chimene anachita n'chakuti anapatsa pulogalamu ya mabiti 32 fayilo ya mabiti 64, ndipo nthawi zambiri nambala ija imatanthauza kusemphana koteroko. Mayina a mafoda nawonso amasokoneza, chifukwa pa Windows ya mabiti 64, System32 imasunga mafayilo a 64, pamene a 32 amakhala mu SysWOW64.

Fayilo yanuyo siyenda yokha. Imabwera pamodzi ndi MSVCP140.dll ndi ena mu Microsoft Visual C++ Redistributable 2015-2022, imene opanga mapulogalamu ena saiphatikiza poganiza kuti muli nayo kale. Pitani pa tsamba la Microsoft lenileni mukatenge vc_redist.x86.exe ya mabiti 32 ndi vc_redist.x64.exe ya mabiti 64, ndipo ngati Windows yanu ndi ya mabiti 64 muike zonse ziwiri, chifukwa chofunika ndi mabiti a pulogalamuyo osati a kompyuta. Ikakuonetsani Repair, ndiye kuti ilimo kale koma mwina inaonongeka, choncho dinani pomwepo. Mukatero zimitsani kompyuta ndi kuiyatsanso. Ngati wina anaponya kale fayilo mu foda ya pulogalamu, ichotseni, popeza Windows imayamba kuyang'ana m'menemo isanafike mu mafoda ake. Kwa ine pulogalamu inatseguka nditaichotsa imeneyo.

Muwerengenso nambala ya m'dzina la fayilo, chifukwa MSVCR120.dll imafuna ya 2013 ndipo MSVCR100.dll imafuna ya 2010, ndipo yatsopano silowa m'malo mwa zimenezi.

Komabe ngati bandulo yakutherani, palibe choletsa kupita ndi fulashi kwa okonza makompyuta m'tauni muno kuti akukopereni mafayilo awiri aja. Musanawatsegule, dinani kumanja pa fayilo, mulowe mu Properties, ndipo pa Digital Signatures muone ngati palembedwa Microsoft Corporation.