Excel ikudzitseka yokha ndikatsegula fayilo yaikulu

"Abale ndithandizeni. Ndimasunga kaundula wa alimi a mpunga a kopaletivi yathu kuno ku Nkhotakota, mizere ngati 9,000 mu Excel, fayilo ya 48 MB. Dzulo ndalowetsa matumba kuyambira m'mawa osaseva, kenako Excel yangodzitseka. Pano ndikaitsegula ikulemba Not Responding n'kutsekekanso. Laputopu ndi ya 4 GB. Ntchito ya dzulo yapita?"

Pepani achemwali. Choyamba, lekani kaye kuidina fayiloyo, ndipo musaseve chilichonse pa dzina lomwelo. Ikopereni pamalo awiri, pa Desktop ndi pa fulashi, ndipo zonse zomwe ndinene pano muchitire pa kope, yeniyeniyo ikhale pambali. Ngati mumaitsegulira pa fulashi pomwepo, siyani lero. Fulashi imachedwa, ndipo ikangogwedezeka pamene Excel ikulembamo, fayilo imaonongeka.

Tiyambe ndi ntchito ya dzulo, chifukwa ndi imene ingathe kufufutika mukazengereza. Excel ili ndi AutoRecover, yomwe mphindi 10 zilizonse imasunga payokha kope la zomwe mukuchita, pokhapokha wina atasintha zimenezi. Kopelo silikhala mufayilo yanu, limakhala mufoda ina yobisika. Tsegulani Excel payokha, kuchokera pa Start, osati podina fayilo ija. Ngati kumanzere kwatuluka Document Recovery, yang'anani nthawi yomwe yalembedwa pansi pa dzina lililonse, musankhe ya dzulo yochedwa kwambiri, mupange Save As ndi dzina lina. Apa ndi pomwe anthu ambiri amadzipweteka: potseka, Excel imafunsa ngati mukufuna kudzaonanso mafayilowo, iwo n'kuthamangira No, remove the files. Mukadina pamenepo apita. Sankhani Yes mpaka mutatsimikiza kuti matumba onse alimo.

Ngati sipanatuluke kanthu, pitani nokha kufodayo. Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, mulembe izi:

```
%AppData%\Microsoft\Excel
```

Mmenemo funani foda yomwe dzina lake likuyamba ngati la fayilo yanu. Mkati mumakhala fayilo yothera ndi .xlsb, nthawi zambiri yokhala ndi mawu akuti Autorecovered kapena Unsaved. Ikopereni kaye kwina musanaitsegule. Anthu akuuzaninso za File > Info > Manage Workbook > Recover Unsaved Workbooks. Yesani, koma musadalire kwambiri, pakuti malo amenewo kwenikweni ndi a fayilo yatsopano yomwe sinasevedwepo n'kamodzi komwe, ndipo Excel imasungako masiku 4 okha. Yanu inali kale ndi dzina. Kafayilo kena koyamba ndi ~$ mukakaona pafupi ndi fayilo yanu musavutike nako, mulibe matumba mmenemo, kamangosunga dzina la amene anatsegula.

Musayembekezere zonse. Kope likapezeka lidzathera pomwe AutoRecover inasunga komaliza, choncho alimi omwe munawalowetsa chakumapeto muwabwereze kuchokera m'buku la malisiti.

Tsopano chifukwa chake ikudzitseka. Mizere 9,000 si yambiri kwa Excel, tsamba limodzi limalola mizere 1,048,576. Kaundula wa mayina, makilogalamu ndi ndalama wa msinkhu umenewu sayenera kudutsa 2 MB kapena 3 MB. Wanu wafika 48, ndiye kuti muli katundu wina amene simukumuona. Dziwaninso kuti fayilo ya .xlsx ndi yofinyidwa ngati thumba lomanga bwino. Ikatsegulidwa imafufuma kangapo mu memori, pomwe pa 4 GB yanuyo Windows yadya kale gawo lalikulu.

Kuti itseguke, chitani motere. Yatsaninso laputopu, musatsegule china chilichonse, makamaka bulawuza. Kenako Windows ndi R, mulembe:

```
excel /safe
```

Izi zimatsegula Excel yopanda zowonjezera zomwe mapulogalamu ena amailumikizira. Ikatseguka, yambani buku lopanda kanthu, mupite pa Formulas > Calculation Options > Manual. Chinsinsi chake n'chakuti Excel imatsata kawerengedwe ka buku loyamba kutsegulidwa, ndiye fayilo yanu ikamabwera pambuyo sidzayamba kuwerengera mafomula onse pakhomo pomwe. Buku lopanda kanthulo musalitseke. Tsopano tsegulani kope lija kudzera pa File > Open. Ikalemba Not Responding, isiyeni mphindi 10 kapena 15. Mawu amenewo satanthauza kuti yafa, nthawi zambiri imakhala ikadali pakalikiliki, ndipo kudinadina ndi kumene kumachititsa Windows kukufunsani zoitseka.

Ikakanabe, mwina fayilo yavulala. Pa File > Open > Browse, isankheni kamodzi kokha, mudine kamuvi kali pambali pa Open, musankhe Open and Repair, kenako Repair. Zikalephereka bwerezani n'kusankha Extract Data. Mitundu ndi zokongoletsa zitha kutayika, koma mayina ndi manambala kawirikawiri amatuluka.

Ikangotseguka, dinani Ctrl ndi End pa tsamba lililonse. Izi zikutengerani pomwe Excel ikuganiza kuti ndi pothera pa ntchito yanu. Ngati mlimi womaliza ali pa mzere 9,000 koma inu mwakafika pa mzere 1,048,576 kapena kolamu XFD, mwagwira mbava. Zimachitika munthu akakoka malire, mtundu kapena fomula mpaka pansi penipeni pofuna kuti alimi a chaka chamawa adzapeze pokonzeka kale, kapena akamakopera masamba athunthu kuchokera m'mafayilo a anzake nyengo ndi nyengo. Mankhwala ake: dinani nambala ya mzere woyamba wopanda kanthu, monga 9,001, kenako Ctrl, Shift ndi muvi wolozera pansi, mudine batani lakumanja la mawusi pa manambalawo, musankhe Delete. Batani la Delete la pa kiyibodi silithandiza apa, limangochotsa zolembedwa, mizereyo n'kutsala. Chitani chimodzimodzi ndi makolamu akumanja. Sevani, tsekani, muone kukula kwake. Fayilo siichepa musanaseve.

Mukatero yang'anani mafomula a tsamba la chidule. Ngati mlimi kapena kalabu iliyonse ili ndi fomula yotere:

```
=SUMPRODUCT(--(A:A=H2),D:D)
```

ndiye kuti iliyonse ikuyenda mizere yonse 1,048,576. Zikakhala 500, ndi kufananiza kopitirira 500 miliyoni nthawi iliyonse mukasintha nambala mu kolamu imeneyo. Iyi imapereka yankho lomwelo koma imaima pomwe pathera zolembedwa:

```
=SUMIF(A:A,H2,D:D)
```

Nyengo zomwe zinatha kale, monga malonda a chaka chatha, sizifunikanso mafomula. Zikopereni, mupange Paste Special > Values, kapena muzipatse fayilo yakeyake. Ngati munaikamo zithunzi za ziphaso za alimi, zichotseni zikakhale mufoda, chimodzi chokha chojambulidwa pa foni chimatha kulemera kuposa kaundula yense.

Mukamaliza musaiwale kubwezera Calculation Options pa Automatic. Mukaisiya pa Manual, mudzasintha makilogalamu a mlimi koma ndalama yake idzakhala yakale, ndipo mudzamva pa tsiku lolipira.

Pomaliza pitani pa File > Options > Save. Mphindi za AutoRecover muzitsitse kuchoka pa 10 kufika pa 5, ndipo kabokosi ka Keep the last AutoRecovered version if I close without saving kakhale kochonga. Musatsitse mphindizo fayilo isanachepe, apo ayi laputopu iziima kawirikawiri posunga. AutoSave yomwe mumaiona pamwamba kumanzere ndi ina: imagwira fayilo ikakhala pa OneDrive, ndipo imafuna bandulo. Tiuzeni pomwe Ctrl ndi End yakufikitsani, komanso zomwe zalembedwa pa File > Account > About Excel, ngati ndi 32-bit kapena 64-bit.